Sinthani Thumba Lokha, Chimanga Chisapite Kuchigayo

Ukwati unatha kale, mahema anapasulidwa, mbale zobwereka zinabwerera kwa eni ake. Patapita milungu itatu, wojambula uja wabweretsa fulashi. Banja lonse lasonkhana pabalaza, ana akhala pansi, azakhali apatsidwa mpando wa kutsogolo. Fulashi yalowetsedwa kumbuyo kwa wailesi yakanema, dzina la fayilo laoneka, `ukwati.mkv`, koma poitsegula sikirini ikungoti fayilo yamtunduwu siidziwika. Wina aikopera pa foni, nayo ikukana. Pa laputopu ya wojambula vidiyo yomweyi ikuoneka bwinobwino.

Ambiri zikafika apa amatsegula pulogalamu yosinthira mavidiyo, n'kuisiya ikulira kwa ola limodzi kapena awiri, laputopu ikutentha ngati mbaula. Pomaliza amapeza vidiyo yotseguka, koma nkhope zayamba kuoneka mbuu ndipo nsalu ya mkwatibwi yataya timizere take. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri ntchito yonseyi imakhala yosafunika. Vidiyoyo ilibe vuto. Chimene wailesi yakanema yakana ndi thumba limene vidiyoyo yabweramo, ndipo kusintha thumba ndi ntchito ya mphindi imodzi.

Thumba ndi mitolo yake

Fayilo ya vidiyo si chinthu chimodzi. Mkati mwake muli mitolo ingapo yoyenda limodzi: mtolo wa zithunzi, mtolo wa mawu omveka, ndipo nthawi zina mtolo wa mawu olembedwa amene amaoneka pansi pa sikirini. Mtolo uliwonse unapanikizidwa mwa njira yakeyake kuti uchepe, ndipo njira yopanikizirayo ndiyo imatchedwa kodeki. Kodeki yofala kwambiri ya zithunzi ndi H.264, imene inakhazikitsidwa mu 2003 ndipo pafupifupi foni ndi wailesi yakanema iliyonse ya masiku ano imaidziwa. Ya mawu yofala ndi AAC.

MKV ndi MP4 si makodeki ayi. Ndi matumba chabe. Ntchito ya thumba ndi kusunga mitolo ija pamodzi ndi kulemba nthawi ya kachidutswa kalikonse, kuti pakamwa pa munthu pakatseguka, mawu ake amvekenso nthawi yomweyo.

Thumba la MKV dzina lake lonse ndi Matroska. Linayamba mu 2002, ndipo dzinalo linachokera ku zidole zamatabwa za ku Russia zimene zimalowetsana, china mkati mwa chinzake. Ndi thumba lalikulu pakamwa: limalandira pafupifupi kodeki iliyonse, mitolo ya mawu yambirimbiri, ndi mawu olembedwa amitundu yonse. Lilinso ndi ubwino wina umene ife okhala kumene magetsi amathima mosachenjeza tiyenera kuudziwa. Kompyuta ikazima kujambula kuli mkati, zimene zinalembedwa kale mu MKV zimatsegukabe. MP4 yamasiku onse imalemba ndandanda ya zamkati mwake pomaliza penipeni, ndiye magetsi akathima ndandandayo isanalembedwe, fayilo yonse imakana kutseguka. N'chifukwa chake ojambula mapemphero ndi misonkhano pogwiritsa ntchito pulogalamu ya OBS Studio ambiri amasankha MKV.

MP4 inachokera ku thumba la QuickTime la kampani ya Apple. Ndi yosankha katundu, silandira chilichonse, koma ndiyo imene zipangizo zambiri zimaidziwa. Choncho funso lathu ndi ili: kodi tingachotse bwanji mitolo mu MKV n'kuiika mu MP4 osaimasula?

Ganizirani chimanga. Kuchikhuthula kuchoka m'thumba kupita m'dengu n'kwachangu ndipo njere iliyonse imafika mmene inalili. Kupita nacho kuchigayo ndi nkhani ina: mumadikira pamzere, mumalipira, ndipo chikagayidwa sichibwereranso kukhala chimanga. Mapulogalamu ambiri osinthira mavidiyo amapita ndi vidiyo yanu kuchigayo. Amamasula chithunzi chilichonse n'kuchipanikizanso, ndipo popeza H.264 imachepetsa fayilo potaya tinthu tina tating'onoting'ono, kupanikiza kulikonse kwatsopano kumatayanso tina. Ife tikufuna kukhuthula basi.

Kungosintha dzina la fayilo kuti lithere ndi `.mp4` sikukhuthula. Kumeneko n'kulemba dzina lina pathumba lomwelo, ndipo chipangizo chimene chinalikana chikasuzumira mkati chimalikananso.

Chida chake

Chida chogwirira ntchitoyi ndi ffmpeg, pulogalamu yaulere imene katswiri wa ku France, Fabrice Bellard, anaiyambitsa mu 2000. Ilibe mabatani odina. Mumailembera lamulo pa sikirini yakuda ija, iyo n'kuchita. Zimenezi zisakuopseni, chifukwa malamulo amene tikufuna pano ndi aafupi.

Pa Windows mungaiike polemba `winget install Gyan.FFmpeg`, pa Ubuntu `sudo apt install ffmpeg`, ndipo pa Mac yokhala ndi Homebrew `brew install ffmpeg`. Mukatero, pitani mu foda imene muli vidiyo yanu. Pa Windows njira yachidule ndi kudina pamwamba pamene pamalembedwa dzina la foda, kulembapo `cmd`, ndi kudina `Enter`. Sikirini yakuda itseguka ili kale mu foda yoyenera. Ngati dzina la fayilo lili ndi mipata, liikeni pakati pa zizindikiro ziwiri, motere: `"ukwati wathu.mkv"`.

Yambani mwasuzumira m'thumba

Munthu sagula mbuzi ili m'thumba, ndipo sasintha fayilo asanaone zamkati. Pamodzi ndi ffmpeg pamabwera mnzake wotchedwa ffprobe, amene ntchito yake ndi kungoona.

```
ffprobe -hide_banner ukwati.mkv
```

Patuluka zolembedwa zambiri, koma ife tikufuna zoyamba ndi mawu akuti `Duration` ndi `Stream`. Tiyerekeze kuti vidiyo ya ukwati uja yaonetsa izi, titadulako zosafunika:

```
Duration: 01:40:00.00, bitrate: 4000 kb/s
Stream #0:0: Video: h264 (High), yuv420p, 1920x1080
Stream #0:1: Audio: ac3, 48000 Hz, stereo
Stream #0:2: Audio: aac (LC), 48000 Hz, stereo
Stream #0:3(eng): Subtitle: subrip
```

Apa tadziwa zonse. Vidiyoyi ndi ya ola limodzi ndi mphindi 40, ndipo ili ndi mitolo inayi, yowerengedwa kuyambira pa 0. Mtolo woyamba ndi zithunzi za `h264` zokhala ndi `yuv420p`. Mukaona mawu awiriwa pamodzi, pumani: zithunzi zanu zidzaoneka pafupifupi paliponse, ndipo palibe chifukwa chozigayira. Mitolo iwiri yotsatira ndi ya mawu. Wa `ac3` tinene kuti ndi umene kamera inatola yokha, muli nthungululu, mphepo ndi phokoso la anthu. Wa `aac` ndi wochokera ku zokuzira mawu, mmene malangizo a ankhoswe akumveka bwino. Womaliza ndi mawu olembedwa m'Chingerezi, okonzera achibale akuchimuna amene samva Chichewa.

Lamulo lenileni

```
ffmpeg -i ukwati.mkv -c copy ukwati.mp4
```

Kachigawo ka `-i` kakutchula fayilo yolowa. Dzina la kumapeto ndi fayilo yotuluka, ndipo ffmpeg imadziwa thumba lofunika poona mathero a dzinalo. Mtima wa lamuloli ndi `-c copy`, kutanthauza kuti mitolo isamasulidwe, ingonyamulidwa mmene ilili.

Tiwerengere nthawi. Ola ndi mphindi 40 ndi masekondi 6000. Pa mlingo wa `4000 kb/s`, fayiloyi ndi ya magigabaiti pafupifupi 3. Ngati diski ya laputopu yanu ikutha kusamutsa mamegabaiti 50 pa sekondi, ntchito yonse itha m'masekondi 60. Pansi pa sikirini pali nambala yolembedwa `speed=` imene imasonyeza liwiro poyerekeza ndi kutalika kwa vidiyo, ndipo pa chitsanzo chathuchi ikhala cha m'ma `100x`. Laputopu yakale ikamagaya vidiyo yaikulu chonchi ikhoza kumayenda pa `1x`, kutanthauza kuti mudikira ola lonse ndi mphindi 40 zija. Pokopa, chimene chimachedwetsa ndi diski yokha, osati mphamvu ya kompyuta. N'chifukwa chake ndi bwino kugwirira ntchitoyi pa diski ya laputopu, n'kukopera pa fulashi pambuyo, popeza mafulashi ambiri otchipa amalemba pang'onopang'ono.

Kodi mungadziwe bwanji kuti mukukopadi? Ntchito ikamayamba, ffmpeg imalemba zimene ikuchita ndi mtolo uliwonse. Mukaona `Stream #0:0 -> #0:0 (copy)`, zili bwino. Mukaona `h264 (native) -> h264 (libx264)`, ndiye kuti mwaiwala `-c copy` kapena mwaiika malo olakwika, ndipo chigayo chalira. Dinani `q` kuti iime, n'kukonza lamulo. Malo ake a `-c copy` ndi pakati pa fayilo yolowa ndi yotuluka.

Zimene zimatsala m'thumba mwakachetechete

Lamulo lalifupi lija lili ndi msampha umene wagwira anthu ambiri. Mukapanda kuiuza mitolo yoti itenge, ffmpeg imasankha yokha mtolo umodzi wa zithunzi ndi umodzi wa mawu. Popita ku MP4, mawu olembedwa imangowasiya. Sidandaula, sichenjeza, imangomaliza ngati zonse zayenda.

Pa ukwati wathu, mitolo iwiri ya mawu ndi yofanana kukula, ndiye kawirikawiri itenga woyamba, wa `ac3` uja. Zotsatira zake ndi ziwiri. Pa wailesi yakanema, azakhali amva mphepo ndi nthungululu m'malo mwa malangizo a ankhoswe. Pa mafoni ambiri zithunzi ziyenda koma kuli zii, chifukwa MP4 imalola kunyamula AC-3 koma si foni iliyonse imene imatha kuimasula. Vidiyo yoyenda yopanda mawu ndi chizindikiro chodziwikiratu chakuti thumba lalandiridwa koma kodeki ya mawu yakanidwa.

Mankhwala ake ndi kutchula mitolo ndi manambala ake, pogwiritsa ntchito `-map`.

```
ffmpeg -i ukwati.mkv -map 0:0 -map 0:2 -c copy ukwati.mp4
```

Tsopano tatenga zithunzi ndi mawu a `aac` ochokera ku zokuzira mawu, zonse mongokopa. Iyi ndiyo fayilo yoyenera kupita pabalaza.

Nanga mukanapeza kuti mtolo wa mawu ulipo umodzi wokha, ndipo ndi wa `ac3`, `dts` kapena `opus`? Apa timagaya mawu okha, zithunzi n'kuzisiya.

```
ffmpeg -i ukwati.mkv -c:v copy -c:a aac -b:a 192k -ac 2 ukwati.mp4
```

Chilembo `v` chikuimira zithunzi, `a` chikuimira mawu. Tanena kuti zithunzi zikopedwe, mawu asinthidwe kukhala AAC pa mlingo wa `192k`, umene ndi wokwanira bwino nyimbo ndi zolankhula, ndipo `-ac 2` ikuwasonkhanitsa kuti akhale a masipika awiri. Mawu ndi opepuka kwambiri poyerekeza ndi zithunzi, ndiye kusinthaku kumangowonjezera mphindi zochepa, ndipo nkhope za akwati sizikhudzidwa n'komwe.

Mawu olembedwa

Wina anganene kuti, bwanji osangotenga zonse? Lamulo la `-map 0` limaterodi, limatenga mtolo uliwonse. Koma mukaliyesa pa fayilo yathuyi pamodzi ndi `-c copy`, ffmpeg iima ndi uthenga uwu:

```
Could not find tag for codec subrip in stream #3,
codec not currently supported in container
```

Uthengawu ukunena kuti mtolo wa nambala 3 sungalowe m'thumba la MP4 mmene ulili. MP4 ili ndi kalembedwe kakekake ka mawu apansi, kotchedwa `mov_text`, ndipo kusinthira kumeneko ndi ntchito ya kamphindi chifukwa ndi zilembo chabe.

```
ffmpeg -i ukwati.mkv -map 0:0 -map 0:2 -map 0:3 -c copy -c:s mov_text ukwati.mp4
```

Onani kuti `-c:s mov_text` yabwera pambuyo pa `-c copy`. Malamulo awiri akakhudza mtolo umodzi, ffmpeg imamvera lomaliza.

Pali mawailesi akanema ena amene saonetsa mawu olembedwa a mkati mwa MP4, koma amawerenga fayilo yapadera ya `.srt` ikakhala mu foda imodzi ndi vidiyo ndiponso dzina likafanana. Kuitulutsa n'kosavuta: `ffmpeg -i ukwati.mkv -map 0:3 ukwati.srt`. Ine ndimakonda kuchita zonse ziwiri, kuti chipangizo chikalephera njira ina chipeze inayo. Koma mukaona `hdmv_pgs_subtitle` kapena `dvd_subtitle`, dziwani kuti amenewo si zilembo, ndi tizithunzi ta mawu tochokera pa madisiki, ndipo ffmpeg singatisandutse `mov_text`.

Ngati vidiyoyo ikaikidwa pa intaneti kuti achibale a ku Joni kapena ku Mangalande akaionere komweko, onjezerani `-movflags +faststart` dzina la fayilo yotuluka lisanafike. Kumbukirani ndandanda ija imene MP4 imalemba kumapeto. Lamuloli limaisamutsira kumayambiriro, kuti woonera ayambe kuona vidiyo isanatsike yonse.

Pamene kukhuthula sikuthandiza

Kusintha thumba sikusintha chimanga. Ngati chipangizo chikukana zithunzi zenizenizo, MP4 siingachinyengerere. Izi mumazidziwa kuchokera pa ffprobe musanataye nthawi.

Mukaona `hevc` m'malo mwa `h264`, zithunzizo ndi za kodeki ya H.265, imene inabwera mu 2013. Mafoni ndi mawailesi akanema atsopano amaidziwa, koma akale ambiri ayi. Chizindikiro chake nthawi zambiri chimakhala chosemphana ndi chija: mawu akumveka koma sikirini ili bii, kapena fayilo ikukaniratu. Pa zipangizo za Apple pali kanthu kena: zimaidziwa H.265, koma zimafuna kuti mu MP4 ikhale ndi chizindikiro chake, ndipo kuwonjezera `-tag:v hvc1` pa lamulo lokopa kumathetsa vutolo popanda kugaya. Mukaonanso `yuv420p10le` pafupi ndi `h264`, samalani. Imeneyo ndi H.264 ya mitundu yozama, imene VLC pa kompyuta imaonetsa bwino koma mawailesi akanema ambiri saitha. Pa zinthu ngati zimenezi, ngati chipangizo chili chakale, kuchigayo kulibe kothawira, ndipo ndi bwino kugaya kamodzi kokha kuchokera ku fayilo yoyambirira.

Kukopa sikuchepetsanso fayilo. Magigabaiti 3 a MKV amatuluka magigabaiti 3 a MP4, kusiyana kwake n'kochepa zedi. Apa ndi pamene fulashi imalowerera. Mafulashi ambiri amabwera atakonzedwa mwa dongosolo la FAT32, limene sililola fayilo imodzi kufika magigabaiti 4. Vidiyo ya ukwati wathu ikwana, koma ikanakhala ya maola atatu pa mlingo womwewo ikanaposa magigabaiti 5, ndipo kompyuta ikanati fayilo yakula ngakhale fulashi ili ndi malo ambiri. Mukhoza kuikonzanso fulashi kukhala exFAT kapena NTFS, koma kutero kumafufuta zonse zili momwemo, ndipo si wailesi yakanema iliyonse imene imawerenga madongosolo amenewa. Njira yosavuta ndi kudula vidiyo pawiri, mongokopabe.

```
ffmpeg -i ukwati.mp4 -t 01:30:00 -c copy gawo1.mp4
ffmpeg -ss 01:30:00 -i ukwati.mp4 -c copy gawo2.mp4
```

Podula mokopa, ffmpeg singayambire pa chithunzi chilichonse. Mu H.264 zithunzi zambiri zimangosunga zimene zasintha kuchokera ku zinzake, ndipo chithunzi chathunthu chimabwera mwa apo ndi apo. Gawo lachiwiri liyenera kuyambira pa chithunzi chathunthu chapafupi cha m'mbuyo, choncho likhoza kubwereza masekondi angapo a kumapeto kwa gawo loyamba. Sankhani podula pamene palibe akulankhula, monga pakati pa kutchalitchi ndi kumadyerero, ndipo palibe adzazindikire.

Musanazule fulashi

Ntchito ikatha, ifunseninso ffprobe za fayilo yatsopanoyo. `Duration` ifanane ndi yoyamba, ndipo mitolo imene munafuna ionekemo yonse. Kenako tsegulani vidiyoyo pa chipangizo chimene chinaikana poyamba, osati pa laputopu. VLC imatsegula pafupifupi chilichonse, ndiye umboni wake pa mlandu uwu suthandiza. Onerani poyambirira, dumphirani pakati, dumphiraninso chakumapeto, n'kuona ngati milomo ndi mawu zikuyendera limodzi.

Ndipo `ukwati.mkv` ija musaifufute. MP4 imene mwapanga yanyamula mtolo umodzi wa mawu, woyenera pabalaza lero. Koma nthungululu za amayi, nyimbo zimene anthu anayamba okha panja pa tchalitchi, ndi kuseka kwa agogo amene anakhala pafupi ndi kamera, zonsezo zili mu mtolo `0:1`, umene tinausiya m'thumba lakale. Tsiku lina wina m'banjamo adzafuna kuzimva, ndipo kudzamutulutsira kudzangotenga mphindi imodzi.